Kamnyamata ka M'kope la Masamu

Tadala, wa giredi 5 ku Katete, ankakonda kujambula m'mphepete mwa makope ake. Tsiku lina anajambula kamnyamata pakona ya tsamba, mwendo uli m'mwamba. Patsamba lotsatira anakajambulanso mwendo utatsika pang'ono. Anapitiriza mpaka masamba 12.

Mphepo yochokera kuphiri inalowa pazenera, masamba n'kuyamba kuphupha. Kamnyamata kaja kanayenda!

Tadala anagwira kona ndi chala chachikulu n'kutayirira masambawo mofulumira. Kanayendanso.

"Tadala, ukuchita chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

"Pepani aphunzitsi, onani. Akuyenda."

Aphunzitsi anayang'anitsitsa kwa nthawi ndithu.

"Makatuni a pa wailesi yakanema amapangidwa chonchi. Bwerezanso tione."

Usiku umenewo, pafupi ndi koloboyi, Tadala anayamba kujambula agogo ake akusinja chimanga, munsi ukukwera ndi kutsika.