Tikufuna ochita sewero: filimu yaifupi "Ndalama za Fodya"

Nkhani yake ndi ya banja la ku Kasungu lomwe likukangana pa ndalama zomwe bambo watenga ku okushoni. Ndi ya mphindi 25, m'Chichewa. Tijambula masiku 6 mu Julayi, kumudzi. Mayendedwe, chakudya ndi malo ogona ndi za ife.

NAPHIRI, mayi wooneka wa zaka 40 mpaka 50. Ndiye mwini nkhani, ali m'magawo 14 mwa magawo 18. Sakalipa, mkwiyo wake umaonekera m'maso ndi mmene akupetera chimanga. Ozolowera zisudzo za pasiteji achepetse mawu ndi manja, chifukwa kamera idzakhala pafupi ndi nkhope ndipo chilichonse chokokomeza chimaoneka chabodza. Adziwe kusenza ndowa yodzadza pamutu akuyankhula.

CHIMWAZA, mwamuna wake, zaka 45 mpaka 55. Wanthabwala, wokondedwa pabwalo la bawo, koma wamanyazi akafunsidwa za ndalama. Pali gawo loledzera: sitikufuna wodzandira moseketsa, tikufuna munthu woyesetsa kuoneka ngati sanamwe. Azitha kupalasa njinga atanyamula katundu.

TADALA, mwana wawo wa Fomu 3. Wosewera akhale wa zaka 18 kapena kuposa, wooneka wamng'ono. Mawu ochepa, koma ayimba nyimbo imodzi popanda zoyimbira.

WOGULITSA MALATA: tsiku limodzi, mizere 5, mwamuna kapena mkazi.

Mayeso achitika Loweruka pa 7 Juni ku Lilongwe, kuyambira 8 koloko m'mawa. Malo tiuza okhawo amene taitana. Tumizani kanema wa mphindi imodzi wojambula pafoni mopingasa, pamalo owala opanda phokoso, mutchule dzina ndi mbali yomwe mukufuna. Mavuto ambiri amabwera pa masiku, choncho amene sangapezeke masiku onse a mbali yake anene msanga. Kuyesedwa ndi kwaulere.