Pempho la nthawi yoonjezera pa mayeso a Giledi 12

Ofesi ya Mphunzitsi Wamkulu
Sukulu ya Sekondale
Chilenje, Lusaka

14 Julayi 2025

Kwa Mkulu wa Bungwe la Mayeso la Zambia, ECZ
P.O. Box 50432, Lusaka

Kudzera kwa Mlembi wa Maphunziro m'Boma la Lusaka

Wolemekezeka,

PEMPHO LA NTHAWI YOONJEZERA: WOPHUNZIRA NAMBALA 250417630082

Tikupempha kuti wophunzira wathuyu, mtsikana wa zaka 17 amene alembe mayeso a Giledi 12 chaka chino, apatsidwe mphindi 15 zoonjezera pa ola lililonse la pepala lolemba. Dzina lake ndi zikalata zakuchipatala zili mu envelopu yomata imene yabwera ndi kalatayi. Makolo ake apempha kuti ziwerengedwe ndi okhawo ogamula nkhaniyi.

Dokotala wa ana pa chipatala cha UTH adamuyeza mu 2021 n'kupeza kuti ali ndi vuto la ADHD, la mtundu wolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali. Adamuonanso mu Marichi chaka chino ndipo vutoli likadalipo. Si mwana wosokoneza m'kalasi, n'chifukwa chake lidachedwa kudziwika. Nzeru ali nazo. Chimene chimachitika n'choti pakatha mphindi 20 kapena 25 maganizo amachoka, ndipo akabwerera sakumbukira pamene anali, amayambiranso funso pamutu.

Pa mayeso oyeserera a mu Juni tidaona izi. Pa Masamu pepala 2, la maola awiri ndi theka, adasiya mafunso atatu omaliza osawakhudza, pomwe amene adayankha adawakhoza pafupifupi onse. Pa Bayoloje pepala 1, la mafunso 40 osankha yankho, adadumpha mzere wa funso 17 podetsa mayankho, ndiye onse otsatira adatsetserekera pa mzere wolakwika. Adazindikira nthawi itatha. Patapita sabata tidampatsa pepala lina la Masamu lofanana kulimba kwake, m'chipinda chachete, ndi nthawi yoonjezera. Adalimaliza, ndipo malikisi adachoka pa 48 kufika pa 67. Mapepala onsewa tawaphatikiza.

Nthawi imene tikupempha iwerengedwe motere: pepala la maola awiri, monga Masamu pepala 1, likhale la maola awiri ndi mphindi 30, la maola awiri ndi theka lionjezeredwe mphindi 38. Sitikupempha womuwerengera kapena womulembera, chifukwa amawerenga ndi kulemba bwino yekha. Mafunso ndi kachongedwe zikhale monga za anzake onse.

Komabe nthawiyo payokha singamuthandize ngati akhala muholo yaikulu. Anzake akamapereka mapepala, kukoka mipando ndi kutuluka, mphindi zoonjezerazo zimathera m'phokoso. Tikupempha tsono chilolezo choti alembere m'chipinda chapadera pasukulu pano, chokhala ndi wotchi yapakhoma, pamaso pa woyang'anira mayeso amene samuphunzitsa phunzirolo. Ayambe limodzi ndi ena onse, ndipo pepala lake likatha lisindikizidwe m'thumba lomwelo la senta yathu woyang'anira wamkulu akuona. Woyang'anirayo aloledwe kugogoda desiki pang'ono akaona kuti mtsikanayu wangoti duu kupitirira mphindi zitatu, osanena mawu kapena kuloza funso, komanso kumuuza nthawi yotsala pa theka la ola lililonse.

Pali nkhani ya mankhwala. Amamwa metilifenideti wa mtundu umene mphamvu yake imatha pakapita maola atatu kapena anayi. Wa m'mawa amamwera kunyumba, koma masiku amene ali ndi pepala la masana adzafunika kumwa wachiwiri pasukulu, pafupifupi theka la ola asanalowe. Mphunzitsi wa uphungu ndiye azisunga mankhwalawo, mtsikanayu sadzalowa nawo m'chipinda cholembera. Tikungopempha kuti patsiku la mapepala awiri, pamene nthawi yoonjezera idya gawo la nthawi yopuma, asiyidwe mphindi zosachepera 45 kuti adye ndi kumwa mankhwala.

Pempholi tikulitsamiritsa pa lamulo la anthu olumala, nambala 6 la 2012, limene limafuna kuti ophunzira otere akonzeredwe zoyenera pa maphunziro awo.

Mu envelopu muli lipoti la dokotala la 2021, kalata yake ya mu Marichi 2025, chilolezo chosainidwa ndi makolo, ndi mapepala atatu a mayeso oyeserera. Tingayamikire yankho lolembedwa pofika pa 29 Ogasiti, kuti tikonze chipinda, tipeze woyang'anira, ndiponso mtsikanayu ayeserere kulemba motere kawiri mayeso asanayambe.

Ife anu,

Mphunzitsi Wamkulu
Mphunzitsi wa Uphungu ndi Maphunziro Apadera