Kugunda kwa mtima wanu mutangokhala phee kukunena chani?

Mabwana ndi madona, mwaswera bwanji nonse? Zikomo poti mwasiya kaye makompyuta aja nkubwera pansi pa mtengo pano. Ine ndine nesi, ndimagwira ntchito kuno ku Salima konkuno, ndipo lero ndabwera ndi nkhani imodzi basi, kugunda kwa mtima wanu nthawi imene simukuchita kalikonse.

Munthu wamkulu akakhala pansi atapuma bwinobwino, mtima wake umayenera kugunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi. Anthu othamanga kwambiri, ngati anyamata a mpirawa, ena amatsika mpaka m'ma 50 ngakhale m'ma 40 koma ali bwinobwino, chifukwa mtima wawo ndi wamphamvu, ukangofinya kamodzi umakankha magazi ambiri ndiye sufunika kubwereza pafupipafupi. Tsono ife a mu ofesi, m'mawa takwera kabaza mpaka pageti, takhala pampando mpaka 12 koloko, nsima ya chambo, tabwereranso pampando pomwepo mpaka kuweruka, mtima umazolowera ulesi ndipo umayamba kugunda kambirimbiri kuti ugwire ntchito yomwe ija. Tawerengerani nokha, amene ali pa 90 kuyerekeza ndi mnzake wa 70, mtima wake ukugunda ka 28,800 koonjezera tsiku lililonse, usiku ndi usana osapuma.

Koma chimene ndikufuna mutenge kwambiri ndi ichi, dziwani nambala yanu inuyo, osati ya mnzanu wa desiki ina. Ngati masiku onse mumakhala pa 68 ndiye sabata ino mukungopezeka pa 84 m'mawa uliwonse, inde mudakali mkati mwa 60 ndi 100, komabe thupi likukuuzani kuti china chake chasintha. Mwina ndi tulo toperewera chifukwa cha malipoti a kumapeto kwa mwezi, mwina nkhawa za ngongole ndi fizi ya ana, mwina mowa wa dzulo, fodya, khofi kapena timabotolo topatsa mphamvu tija ambiri mumamwa kuti musasinze masana. Komanso kutentha kwa kunoku mukukudziwa, Okutobala akafika munthu umatuluka thukuta utangokhala, madzi osamwa, magazi amachepa madzi ndipo mtima umathamanga.

Kutentha thupi nako kumakweza, pafupifupi ka 10 pa digiri iliyonse imene thupi latentha. Kuno kunyanja malungo ndi ambiri, ndiye mtima ukamathamanga thupi likutentha, mutu ukupweteka, chonde musangogula panado pa okala, pitani mukayezetse. Amayi, ichi ndi chanu makamaka, kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima, munthu umangotopa, kukwera masitepe pang'ono wefuwefu, ndipo ambiri mumangoti ndi ntchito. Vuto la chithokomiro limachitanso chimodzimodzi. Oyembekezera mtima umakwera ndithu mwachibadwa, zimenezo akuonerani ku sikelo.

Mankhwala nawo amasintha nambala, ena a bipi monga atenololo amatsitsa, mankhwala opopera a mphumu amakweza. Musasiye kumwa nokha ayi, kafunseni kuchipatala. Ndiponso kugunda kwa mtima si bipi, mutha kukhala pa 70 wabwinobwino bipi ili m'mwamba, nchifukwa chake anzanga ali patebulo apo ndi makina, musachoke musanayezetse bipi ndi shuga.

Pali zina zosafunika kudikira. Mtima wopitirira 100 masiku angapo mutangokhala, wotsika pansi pa 60 inu si wothamanga komanso mukumva chizungulire, kapena wogunda mosalongosoka, kudumphadumpha, uku wafulumira uku waima kaye, umenewo ukaonedwe chifukwa nthawi zina umayambitsa sitiroko. Kukapweteka pachifuwa, kubanika kapena kukomoka, ndi kuchipatala nthawi yomweyo, miting'i isiyeni.

Chosangalatsa nchakuti nambala imeneyi imatsika munthu ukayamba kuyenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu, kuyenda ndawala kokwana kutuluka kathukuta. Mukaweruka dzuwa litapepa, tsikani kabaza muli patali ndi kunyumba muyende wapansi, pakapita masabata angapo mudzaona nokha.

Tsopano tiyese limodzi, poti mwakhala pansi kupitirira mphindi 5 ndiye mwapuma mokwanira. Tembenuzani dzanja lamanzere chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, musakanikize kwambiri, ndipo musagwiritse chala chachikulu chifukwa chili ndi kugunda kwake. Mwaumva? Bambo apo sunthani zala pang'ono chakunja, eya pamenepo. Ndiwerenga masekondi 30 pafoni, nambala imene mupeze muchulukitse kawiri nkulemba pakakhadi mwalandira kaja, ndipo mawa mukangodzuka musanamwe tiyi mudzabwerezenso, sabata yonse. Amene sakuupeza akweze dzanja ndibwera. Tiyeni, yambani.