Mwana akatentha thupi: uthenga wa namwino kwa amayi a Chigwirizano ku Mabvuku ndi ku Tafara

Moni amayi ndi azigogo nonse. Ndine mnzanu uja namwino. Lachinayi mutandiyimitsa panja pa tchalitchi ndi mafunso a ana otentha thupi, ndinalonjeza kujambula uthengawu kuti muziumva muli kunyumba.

Pafoni sindingadziwe chimene mwana akudwala. Kutentha thupi ndi chizindikiro chabe, ndipo matenda ake amadziwika mwanayo akapimidwa. Zimene ndingakuuzeni ndi nthawi yoti mubereke mwana ndi kunyamuka.

Ngati muli ndi choyezera kutentha, mpanitseni mwana kukhwapa. Chikawerenga 37.5 kapena kupitirira, watentha. Mulibe? Mgwireni pachifuwa kapena pamimba ndi kuseri kwa dzanja.

Khanda losakwana miyezi 3 likatentha, musayambe mwalipatsa Panado n'kudikira kuti muone. Pitani nalo nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Matenda amathamanga m'kathupi kotere. Ngakhale litazizira modabwitsa kapena kungosiya kuyamwa, pitani.

Mwana wamkulupo, yang'anani mwanayo koposa nambala ija. Wina amatentha koma akumwa, akusewera pang'ono, mukamuitana akutembenuka. Amene amandidetsa nkhawa ine ndi wofooka, wongoti lefu pamsana, amene mukumudzutsa koma akungobwerera kutulo. Ameneyo thamangani naye. Chimodzimodzi amene akukana bere ndi madzi omwe, amene akusanza chilichonse chimene wamwa, amene khosi lauma, kapena liwombo latupa. Liwombo likalowa m'kati, maso n'kulowanso, thewera n'kukhala louma kuyambira m'mawa mpaka madzulo, madzi akutha m'thupi. Agogo, ndapota nanu, musapake kanthu paliwombo kapena kukhula mwana m'kamwa ndi mchere. Nthawi imene imatayika pamenepo ndi yomwe timaisowa kuchipatala.

Mukwezeninso malaya muone mmene akupumira. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akamabuula, musadikire kuche. Mutha kuwerenga kapumidwe kwa mphindi imodzi mwana ali phee: wa miyezi 2 mpaka chaka akafika 50, kapena wa chaka mpaka zaka 5 akafika 40, akupuma mothamanga, akaonedwe lero lomwe.

Linjirinjiri limaopsa, mayi aliyense mtima umachoka. Mwana akayamba kuphupha, mgonekeni cham'mbali pamalo poti sangavulale. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Itanani wa galimoto pafupi, ndipo ngakhale atatsitsimuka n'kuoneka bwino, mupite nayebe.

Tsopano nkhani yathu ife a maulendo. Muno mu Harare malungo si ofala, ndiye ambiri sitiwaganizira. Koma timakwera basi kudutsa pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza kukaona abale kumudzi, ena amapita ku Mutoko ndi ku Mudzi. Mwana akatentha mutabwerako, ngakhale papite masabata angapo, akayezedwe magazi tsiku lomwelo. Muwauze anamwino kumene munapita, musadikire kuti akufunseni. Amangobaya pachala, zotsatira zimatuluka mukadali pomwepo.

Madzi athu mukuwadziwa, mipopi youma, zitsime pafupi ndi zimbudzi. Mu 2018 kolera anazunza anthu ku Glen View ndi ku Budiriro. Mwana akamatsegula m'mimba kwambiri, kapena chimbudzi chili ndi magazi, nyamukani, mukum'mwetsa ORS pang'onopang'ono m'njira. Thupi likatuluka totupa, maso n'kufiira, mukafika pakhomo la kiliniki nenani msanga kuti asakhale pamzere ndi ana ena.

Ngati palibe chimodzi mwa zimenezi, mutha kumusamalira kunyumba. Muyamwitseni pafupipafupi, mpatseni zakumwa, mvuleni juzi ndi mabulangete aja. Panado wa ana mpatseni molingana ndi muyezo wolembedwa pabotolo. Asipirini ayi, ndipo mankhwala otsala a mkulu wake kapena makapisozi ogula pamsika musampatse. Panado amangotsitsa kutentha, sachiza chimene chayambitsa. Pakatha masiku 2 akutenthabe, kapena mtima wanu ukukuuzani kuti mwanayu sali monga mwa masiku onse, bwerani naye.

Ndikudziwa kuti ena mumachedwa chifukwa cha ndalama ya kombi, kapena mukudikira bambo abwere ku ntchito. Kambiranani lero, mwana ali bwino, kuti tsiku lotere simudzadikirana. Tengani khadi lakusikelo ndi mankhwala onse amene mwampatsa. Yambirani ku kiliniki yapafupi, monga ku Mabvuku Polyclinic. Akaona kuti m'pofunika, adzakutumizani ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, kuja timati pa Gomo. Mukapeza mzere wautali mwana ali ndi chimodzi mwa zizindikiro zoopsa zija, musakhale pabenchi. Pitani kutsogolo mukauze namwino kuti mwana wafooka.

Tumiziraninso ana anu aakazi ndi apongozi anu uthengawu. Zikomo, tionana Lachinayi.