Chidule cha ulaliki wa Lamlungu lapitali: "Dzuka udye" (1 Mafumu 19:1-18)

Abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye,

Moni nonse amene simunathe kukhala nafe m'mapemphero a Lamlungu, makamaka inu odwala, inu amene mukudwazika matenda, ndi inu amene ntchito inakugwirani. Ndamvetsera ulaliki umene tinajambula ndipo ndaulemba mwachidule kuti nanunso mudye zimene anzanu anadya. Ulaliki wonse ndi wa mphindi 43. Ndaika nthawi m'malo ena kuti wofuna kudzimvera yekha gawo lina apite pomwepo. Mavesi ndawafotokoza m'mawu anga, choncho tsegulani Baibulo muwerenge nokha ndimeyi musanapitirire.

Mawu otsogolera anachokera pa 1 Mafumu 19:1-18, ndipo vesi limene abusa anatsamirapo ndi la 7, pamene mngelo akukhudza Eliya kachiwiri n'kumuuza kuti adzuke adye chifukwa ulendo wamukulira. Uthenga wonse unali wakuti Mulungu sataya mtumiki wake amene watopa. Amayamba wamusamalira, kenako amamumvetsera, ndipo pomaliza amamubwezera ku ntchito atamupatsa anzake oyenda nawo.

Mphindi 8 zoyamba abusa anatikumbutsa zimene zinachitika m'chaputala 18. Eliya anali atangochoka pa phiri la Karimeli, pomwe anaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450, moto n'kutsika kumwamba, mvula imene inasowa kwa zaka zitatu ndi theka n'kugwa. Atatero anathamanga patsogolo pa galeta la mfumu Ahabu mpaka ku Yezireeli. Munthu angayembekeze kuti zitatha zimenezi dziko lonse likanatembenuka mtima. Koma chimene chinamupeza ndi uthenga wa Yezebeli wakuti pofika mawa nthawi ngati yomweyo adzakhala atamupha. Eliya anathawa mpaka ku Beereseba, kummwera kwenikweni kwa Yuda, mtunda wa makilomita pafupifupi 150.

Kuyambira pa mphindi 9 abusa anaima pa kanthu kamene ambiri timakadumpha powerenga. Mavesi 3 ndi 4 akuti ku Beereseba Eliya anasiya mnyamata wake, iye n'kulowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku limodzi. Abusa anati: "Munthu akatopa mumtima, chinthu choyamba chimene amachita ndi kusiya anthu amene akanamuthandiza. Foni imalira osayankha. Kutchalitchi amayamba kukhala mpando wakumbuyo, kenako sabweranso." Anafulumira kunena kuti sakunena za aliyense amene wajomba Lamlungu, pakuti ambiri amajomba pa zifukwa zomveka. Ndalemba zimenezi dala kuti inu owerenga musaone ngati munali kunenedwa.

Atakhala pansi pa kamtengo m'chipululumo, Eliya anapempha kuti afe. Anauza Yehova kuti zakwana, achotse moyo wake, pakuti iye saposa makolo ake. Abusa sanabise kulemera kwa pempheroli. Anatikumbutsa kuti Mose anapemphera chimodzimodzi pa Numeri 11:15, Yona nayenso pa Yona 4:3, ndiponso kuti Yakobo 5:17 amati Eliya anali munthu monga ife tomwe. Kufika pamenepa si chizindikiro chakuti munthu alibe chikhulupiriro. Apa anachoka pang'ono pa ndime ndi kulankhula mosapita m'mbali, ndipo ndikupemphani kuti mawu awa muwamve bwino: ngati muli ndi maganizo ofuna kudzipha, musakhale nawo nokha ngakhale usiku umodzi. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, bwerani kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo, ndipo pitaninso kuchipatala. Anati pemphero ndi thandizo la adokotala sizilimbana.

Mtima wa ulaliki uli pakati pa mphindi 16 ndi 27. Abusa anatifunsa kuti tione chimene Mulungu anayankha pa pemphero loopsa lija. Sanamudzudzule. Sanamukumbutse za moto wa pa Karimeli kuti achite manyazi. Eliya anagona tulo, ndipo Mulungu anamusiya agone. Kenako mngelo anamukhudza, namuuza kuti adzuke adye, ndipo kumutu kwake kunali mkate wootcha pa makala ndi mtsuko wa madzi. Anadya, anamwa, n'kugonanso. Mngelo sanamuletse. Anabweranso kachiwiri ndi mawu omwewo, koma nthawi ino anawonjezera chifukwa chake: ulendowu wakukulira.

Abusa anabwereza mawu amenewa katatu. Anati Mulungu sanauze Eliya kuti ulendo ndi wochepa, kapena kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Anavomereza kuti katunduyo ndi wolemeradi kuposa mphamvu zake. Anati: "Enafe tikaona m'bale wafooka, timathamangira kumupatsa vesi. Mulungu anayamba ndi chakudya ndi tulo. Mawu anabwera patapita masiku 40." Kwa ine apa ndi pamene ulaliki unandikhudza kwambiri, chifukwa timazolowera kuganiza kuti zauzimu ndi zokhazo zimene zimachitika paguwa, pomwe m'ndimeyi ntchito ya mngelo ndi kuika chakudya pamutu pa munthu wogona. Abusa anatchula amayi amene amadwazika okalamba usiku wonse, atsogoleri a makwaya ndi a achinyamata amene akhala pa udindo zaka zambiri osapuma, ndi abambo amene ntchito inawathera koma amaopa kuuza a kunyumba kwawo mmene mtima ukuwawira. Kwa onsewa anati kupuma si tchimo, ndipo thupi limene Mulungu analenga iye amalidziwa malire ake.

Ndi mphamvu ya chakudya chija Eliya anayenda masiku 40, usana ndi usiku, mpaka ku Horebu, phiri la Mulungu, kumene Mose analandira malamulo. Analowa m'phanga. Kumeneko ndi kumene Mulungu anamufunsa kuti, "Ukuchita chiyani kuno, Eliya?" Abusa anati Mulungu sanafunse chifukwa chosadziwa, koma anafuna kuti Eliya atulutse zonse zimene zinali mumtima. Ndipo anatulutsadi: wachita changu chifukwa cha Yehova, Aisraeli asiya pangano, agwetsa maguwa, apha aneneri ndi lupanga, watsala yekha, ndipo akufunanso kumupha.

Za mphepo yamphamvu imene inang'amba mapiri, chivomerezi ndi moto, abusa sanakhalitsepo. Anangoti Yehova sanali mu zitatuzi, ndipo Eliya, munthu amene anazolowera kuona Mulungu akuyankha ndi moto, anayenera kuphunzira kumumva m'kamawu kakang'ono ka kayaziyazi. Atakamva anaphimba nkhope yake ndi chofunda n'kuima pakhomo pa phanga.

Chimene anatsindika, pa mphindi 31, ndi chakuti Mulungu anafunsanso funso lomwelo pa vesi 13, ndipo yankho la Eliya pa vesi 14 ndi lomwe lija la pa vesi 10, mawu ndi mawu. Yerekezani nokha mavesi awiriwa. Munthu waona mphepo, chivomerezi, moto, wamva mawu a Mulungu, koma dandaulo lake silinasinthe. Abusa anati izi ziyenera kutiphunzitsa kuleza mtima ndi abale amene amabwereza nkhani imodzimodzi ya chisoni chawo nthawi iliyonse tikawachezera. Mulungu anamvetsera kawiri konse osatopa naye.

Komabe Mulungu sanamusiye m'phangamo. Anamuuza kuti abwerere njira imene anadzera, akadzoze Hazaeli kukhala mfumu ya Aramu, Yehu mwana wa Nimsi kukhala mfumu ya Israeli, ndi Elisa mwana wa Safati, wa ku Abele-Mehola, kukhala mneneri m'malo mwake. Pomaliza penipeni anakonza chinthu chimodzi chimene Eliya analakwitsa. Sanatsale yekha. Mu Israeli munali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala. Abusa anationetsa kuti Eliya ankadziwa kale kuti alipo ena, chifukwa pa 1 Mafumu 18:13 Obadiya anamuuza pamaso kuti anabisa aneneri a Yehova 100 m'mapanga, 50 uku 50 uku, n'kumawapatsa chakudya ndi madzi. Kutopa kunamuiwalitsa zimene anamva ndi makutu ake. Anati: "Zambiri zimene Eliya ananena zinali zoona. Maguwa anagwetsedwadi, aneneri anaphedwadi. Bodza linali limodzi lokha, lakuti ndatsala ndekha, ndipo ndi limeneli limene linkamupha." Mtumwi Paulo akubwereza nkhani yomweyi pa Aroma 11:2-4 posonyeza kuti Mulungu sanataye anthu ake.

Abusa anaonjezera kuti Elisa anaperekedwa kwa Eliya ngati yankho. Munthu amene anasiya mnyamata wake ku Beereseba akutha chaputalachi ali ndi womutumikira wina, monga vesi 21 ikunenera. Anatembenukira kwa akulu a mpingo ndi atsogoleri a mabungwe n'kuwafunsa kuti aliyense ali ndi ndani amene akumuphunzitsa ntchito, pakuti udindo umene sungathe kuyenda popanda munthu mmodzi umamaliza munthuyo.

M'mphindi zomaliza, kuyambira pa 37, anatitengera kwa Ambuye Yesu. Eliya amene anapempha imfa pansi pa kamtengo sanaione imfayo. Anatengedwa kupita kumwamba m'kamvuluvulu, ndipo pa Mateyu 17:3 akuoneka pamodzi ndi Mose akulankhula ndi Yesu paphiri. Yesu ameneyo ndiye amaitana onse olema ndi othodwa kuti awapumulitse (Mateyu 11:28), ndipo ndiye mkate wa moyo (Yohane 6:35). Abusa anati kuitana kwakuti "dzuka udye" ndi kwa aliyense amene ulendo wamukulira, ndipo sayenera kuyamba wadzikonza kuti alandire.

Asanatseke anatipatsa ntchito ya sabata ino, ndipo ikukukhudzani inunso. Ngati ndinu wotopayo, uzani munthu mmodzi zoona zake za mmene mulili, osangoyankha kuti "ndili bwino". Ngati muli ndi mphamvu, ganizirani munthu mmodzi amene wakhala chete masiku ano, mupite kukamuona mutanyamula kanthu koti adye, ndipo mukakafika mukamvetsere kwambiri kuposa kulankhula. Pemphero lotsekera linali lopempherera odwala, ofedwa, ndi onse amene sanathe kubwera.

Amene mukufuna kuti abusa kapena akulu a mpingo akuchezereni kunyumba kapena kuchipatala, dziwitsani mkulu wa dera lanu pofika Lachitatu kuti akonze ulendo. Wofuna ulaliki wonse wojambulidwa andiuze, ndimutumizira pafoni. Pa mphindi 22 mpaka 23 mawu akumveka motsika chifukwa cha maikolofoni, choncho mudzakweze pang'ono. Lamlungu likubwerali abusa adzapitiriza ndi kuitanidwa kwa Elisa, 1 Mafumu 19:19-21, ndipo apempha kuti tiwerengeretu ndimeyi pamodzi ndi Luka 9:57-62.

Ambuye akusungeni ndi kukulimbitsani.

Ndine m'bale wanu mwa Khristu,
Mlembi wa mpingo