Kapangidwe ka chiponde chathu: malangizo a wolowa kumene ntchito

A Nambewe, takulandirani. Ndikudziwa kuti chiponde munayamba kusinja kalekale kwanu, koma cha pakhomo chikathina mchere lero, mawa nkuchepa, palibe amene amadandaula. Chathu chimapita m'magolosale a pa boma pano pa Mchinji, ku Kamwendo mpaka ku Lilongwe, ndipo mayi amene anagula botolo mwezi watha amafuna akatsegula la mwezi uno apeze fungo lomwelo, mtundu womwewo, kusalala komweko. Ndiye pano sitiyesa ndi maso kapena ndi dzanja. Timayesa ndi sikelo, wotchi ndi kabotolo ka chitsanzo kamene kali pa shelefu pafupi ndi zenera. Pepala ili likhale pakhoma nthawi zonse.

Timapanga mphika umodzi pa nthawi. Mphika umodzi ndi makilogalamu 10 a mtedza wosankha kale.

1. Musanakhudze mtedza

Sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, mupukute ziumiretu. Valani epuloni ndi duku lophimba tsitsi lonse, mphete ndi zibangili muvule. Mukadzuka ndi chimfine, kutsegula m'mimba kapena chilonda pa chala, ndiuzeni, ndikupatsani ntchito ya panja tsiku limenelo. Mabeseni, malichero, mthiko ndi chigayo zikhale zouma gwa. Mdani wa chiponde ndi madzi: akalowa m'botolo, ngakhale pang'ono, chimaonongeka msanga.

2. Kusankha

Apa mpamene ndimafuna mufatse kwambiri, ngakhale ntchito ina ichedwe.

Timagwiritsa ntchito mtedza wa CG7 wokha, wofiira uja, chifukwa uli ndi mafuta ambiri ndipo chiponde chake chimafewa chokha popanda kuthira mafuta ophikira. Mukapeza Chalimbana kapena mtundu wina m'thumba, muuike padera. Kukula kwake nkosiyana, ndiye pokazinga wina amapsa wina asanapse.

Tengani mtedza pang'ono m'thumba, mulume. Wouma bwino umati khethe, kuthyoka pakati. Ukakhala wofewa kapena ukamatirira m'mano, thumba lonselo musaligwiritse ntchito, mundiitane. Alipo ogulitsa ena amene amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, kapena kuti ulemere pa sikelo, ndipo mtedza wotere ndi umene umagwira chuku.

Yalani mtedza pa tebulo, pang'onopang'ono, powala. Chotsani wonyala, wosweka, wofumbwa, wakuda, wophukira ndi uliwonse wooneka kaufa kobiriwira kapena kachikasu. Chotsaninso timiyala, dothi ndi makoko, poti kamwala kamodzi kangathe kuononga chigayo. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amaononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana. Kukazinga sikumuthetsa. Musaganize kuti moto ukonza zimene maso anu aphonya. Chiponde chathu ambiri amathira m'phala la ana, ndipo a Malawi Bureau of Standards akamayeza chiponde, chimodzi mwa zimene amayang'ana ndi poizoni ameneyu. Mukakayika mtedza, uchotseni. Wochotsedwawo umapita m'ndowa yofiira, ndipo sitidya, sitipatsa munthu, sitipatsanso nkhuku.

Mukatha, yesani pa sikelo makilogalamu 10 ndendende.

3. Kukazinga

Kolezani makala odzaza chitini chachikulu chija kawiri, mudikire mpaka utsi utha ndipo makala ayera pamwamba. Thirani mtedza m'mgolo, mutseke, mulembe nthawi m'buku. Pukusani chogwirira mosalekeza, mosathamanga. Mukafuna kuchoka, itanani a Banda agwirire, mgolo usaime ndi mtedza uli m'kati.

Pakatha mphindi 30, tapani mtedza ndi sipuni yaitali, mufikise m'manja, muswe zingapo pakati ndi kuyerekeza ndi wa m'kabotolo ka chitsanzo. Muyang'ane m'kati mwake, osati khungu. Ukakhala wotuwa, pitirizani, ndipo muziyang'ananso mphindi 2 zilizonse. Mgolo wathu kawirikawiri umafikitsa pakati pa mphindi 35 ndi 40, koma nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi umachedwerapo. Wotchi imangokuuzani nthawi yoyamba kuyang'ana, woweruza ndi chitsanzo.

Phulani utangotsala pang'ono kufanana ndi chitsanzocho, chifukwa mtedza wotentha umapitiriza kupsa ngakhale uli kunja kwa moto. Ine izi ndinaziphunzira mowawa. Chaka chimene ndinkayamba, ndinaphula mtedza wabwinobwino nkuusiya muunjikunjiku m'beseni kuti ndikayankhe foni. Pobwera ndinapeza wa pakati wada, ndipo chiponde chonse cha tsikulo chinali chowawa. Makilogalamu 10 anapita choncho.

4. Kuziziritsa ndi kupeta

Nthawi yomweyo yalani mtedza pa malata oyera aja, mopyapyala, muzitembenuza ndi mthiko. Udikireni mpaka muzitha kuugwira m'manja osamva kutentha, pafupifupi mphindi 30. Kenako fikisani kuti timakungu tofiira tichoke, mupete ndi lichero kuseri kwa nyumba kumene mphepo imaombera kunja. Timakungu tikatsala tambiri chiponde chimachita madontho akuda ndipo chimawawira.

Sankhaninso kachiwiri. Khungu likachoka, mtedza woola m'kati umaonekera poyera: umakhala wakuda kapena wamawanga pamene unzake ndi wofanana mtundu. Chotsani pamodzi ndi wopserera.

5. Mchere

Yesani mtedza wotsalawo pa sikelo. Umakhala pafupifupi makilogalamu 9. Pa kilogalamu iliyonse thirani magalamu 10 a mchere wosalala wa m'paketi, ndiye pa makilogalamu 9 ndi magalamu 90. Yesani pa kasikelo kakang'ono, osati ndi sipuni. Sakanizani bwino m'beseni musanagaye. Shuga, mafuta kapena madzi sitithira.

6. Kugaya

Yatsani chigayo chiyambe chazungulira chopanda kanthu, kenako muzithira mtedza kapu imodzi imodzi. Mukachidzaza chimatsamwa. Gayani kawiri: ulendo woyamba gudumu losinthira likhale pa chizindikiro chofiira, wachiwiri pa chobiriwira. Osakankha mtedza ndi zala, pali kamtengo kake. Chigayo chikatentha moti simungasiyepo dzanja, zimitsani, chipume mphindi 15. Magetsi akazima muli pakati, zimitsani pa switchi, muvundikire beseni ndi chivundikiro chake.

Pakani chiponde pang'ono pa mbale ndi kumbuyo kwa sipuni. Chiyenera kuyalika mosalala popanda timibulu. Lawani ndi sipuni yoyera, ndipo sipuni yalowa m'kamwa isabwererenso m'beseni.

7. Kuthira m'mabotolo

Mabotolo amatsukidwa dzulo lake nkugona chozondoka, kuti m'mawa akhale ouma. Ikani botolo lopanda kanthu pa sikelo, mubweze sikelo pa 0, muthire magalamu 500. Gogodani botolo pa tebulo kawiri katatu kuti mpweya utuluke, mupukute kukamwa kwake ndi kansalu kouma. Musatseke chiponde chikadali chofunda, chifukwa nthunzi imasanduka madzi pansi pa chitsekero. Mphika umodzi umatulutsa mabotolo 17 kapena 18. Akachepera pamenepo, mundiuze tsiku lomwelo tione pamene patayika.

Pa lebulo lembani tsiku lopangira, nambala ya mphika, ndi tsiku lothera, lomwe ndi miyezi 6 kuchokera pa tsiku lopangira. Botolo limodzi pa mphika uliwonse limatsala pa shelefu ya m'kati, kuti wogula akadandaula tikhale ndi poyang'ana. Wina akakufunsani za mafuta oyandama pamwamba, muuzeni kuti ndi a mtedza womwewo, angotakasa.

8. Pomaliza

M'buku lembani thumba limene mwatapamo, kulemera kwa mtedza wa m'ndowa yofiira, mphindi zimene mwakazinga, mchere, ndi mabotolo amene atuluka. Zulani chingwe cha chigayo kukhoma musanachimasule, mutsuke ziwiya zake ndi madzi otentha ndi sopo, muziyanike pa thandala. Matumba a mtedza abwerere pa matabwa, asagunde pansi kapena khoma.

Sabata yoyamba mukazinga muli ndi a Banda, ndipo mphika uliwonse ndizilawa ndekha musanatseke mabotolo. Pamene simukumvetsa, funsani mtedza usanalowe m'mgolo.

Mai Nachisale