Latha diresi la Loweruka lino

Nali diresi la ukwati, latha! Lituluka m'shopu yathu ya ku Chilenje muno mu Lusaka Lachinayi, Loweruka lilowe m'tchalitchi ku Matero. Mwiniwake watilola kuti tilionetse lili pa chidole, nkhope yake mukaione pa tsiku lake.

Lalowa satini wokhuthala mamita 6, nsalu ya m'kati mamita 5, lesi mamita 3 ndi neti mamita 10 yotukumula siketi. Zonse zagulidwa ku Kamwala. Lesi wa pachifuwa ndi pamanja tadula duwa limodzilimodzi n'kulumikiza pamanja, chifukwa makina amakoka lesi mpaka duwa kupotoka. Satini nayenso ndi wosachedwa kukwiya. Singano ikakula kapena ikabuntha, msoko umachita makwinya oti nsimbi siingawachotse, n'chifukwa chake tasokera singano yaing'ono ya nambala 70, yatsopano, ndipo tasita chakunsi kwa nsalu, moto wochepa.

M'chiuno ndi pachifuwa muli timafupa ta pulasitiki 10 togwira diresi kuti lisatsike mkwatibwi akakweza manja. Kumsana kulibe zipi, kuli zingwe zomangira. Thupi la mkwatibwi limasintha m'masabata omaliza, wina amaonda ndi kuthamangathamanga kwa zokonzekera, wina amanenepa ndi zakudya za maphwando a ukwati usanafike. Zipi sidziwa zimenezo, imangokana kutseka kapena kuphulika m'mawa wa ukwati. Zingwe zimalola kumanga kapena kumasula masentimita anayi kapena asanu. M'mbali tasiyamonso nsalu ya masentimita atatu ku msoko uliwonse, yoti tikhoza kumasula pakafunika.

Siketi tinaipachika masiku awiri tisanapinde m'munsi. Nsalu yodulidwa mopingasa imatsika yokha ndi kulemera kwake, ndipo mukafulumira kupinda, m'mbali mumatalika n'kumakwekwereza pansi pamene kutsogolo kuli bwinobwino. Mchira ndi wa mita imodzi. Pansi pa zingwe tabisa mabatani atatu okolowekapo mchirawo ikafika nthawi yovina, kuti operekeza asauponde polowa m'holo. A matironi tawaonetsa kale kakolowekedwe kake, poti pa tsikulo telala sakhalapo.

Wesikoti ya mkwati yatenga mita imodzi ndi theka ya chitenge chobiriwira cha maluwa agolide. Nsalu yochepera ikadakwana, koma maluwa a kumanja ndi a kumanzere ayenera kukumana pa mabatani, ndipo zimenezi zimadya nsalu. Chitenge chomwecho tapangira tayi ndi lamba woti mkwatibwi amange pa madyerero. Tinayamba tachichapa m'madzi ozizira. Chitenge chosachapa chimafupika, china chimasuluka, ndiye lingalirani lamba wobiriwira pa satini woyera, thukuta la Okutobala lili chuchuchu.

Amayi ndi abambo amene mukukonzekera ukwati, kaya wanu kaya wa mwana wanu, khomo n'lotsegula. Diresi ngati ili limafuna masabata asanu ndi atatu. Kuyesa ndi katatu: koyamba timayesa kapangidwe pa nsalu wamba tisanadule satini, kachiwiri diresi litalumikizidwa koma lisanapindidwe, komaliza kutatsala sabata imodzi. Pobwera kachiwiri mutenge nsapato zenizeni za pa tsikulo ndi chovala cha m'kati chimene mudzavale. Nsapato yosiyana masentimita awiri okha imasokoneza m'munsi monse.

Ngati mukufunanso zovala za operekeza, nsalu yawo igulidwe tsiku limodzi, pa mpukutu umodzi. Mipukutu iwiri ya mtundu umodzi ioneka yofanana m'sitolo, koma pa zithunzi mudzaona kuti wina wavala chowala, wina chakuda pang'ono. Wokhala kutali, monga ku Chipata kapena ku Kitwe, ayezedwe kwa telala wa kumeneko, asadziyeze yekha pa galasi.

Muli ndi chithunzi cha sitayelo imene mwaikonda? Bwerani nacho, tikuuzani mosabisa ngati ikugwirizana ndi nsalu yanu komanso thumba lanu. Nsalu mukhoza kugula nokha titakupatsani mamita, kapena tipite nanu ku Kamwala. Mtengo timagwirizana tikaona sitayelo. Theka mumapereka poyamba, lotsala potenga diresi.

Tilembereni uthenga pompano, mutchule tsiku la ukwati ndi chiwerengero cha ovala, kapena mutipeze m'shopu Lolemba mpaka Loweruka, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. A maukwati a Disembala musachedwe, mwezi umenewo timangolandira madiresi anayi, ndipo awiri atengedwa kale.